Wotchi siikhala chete ndi batani limodzi

Wotchi yamakono ya pamkono imasokoneza munthu m'njira zitatu: imalira, imanjenjemera pakhungu, ndiponso imawala. Anthu ambiri amene amadandaula kuti wotchi yawadzutsa pakati pa usiku kapena yawachititsa manyazi pamsonkhano amakhala atatseka njira imodzi yokha, poganiza kuti atseka zonse. Maganizo anga ndi akuti mabatani otontholetsa wotchi sagwira ntchito yofanana, choncho usiku ndi msonkhano ziyenera kukonzedwa mosiyana. Za usiku munthu azitchere kamodzi kuti zizichitika zokha, pomwe za msonkhano aziyatsa ndi dzanja ndipo aziikira malire a nthawi. Nditenga Apple Watch ngati chitsanzo, chifukwa pa iyo kusiyanaku kumaoneka bwino.

Mabataniwa amapezeka pamalo otchedwa Control Center. Kuyambira pa watchOS 10, yomwe inatuluka mu 2023, malowa amatsekuka mukadina batani lam'mbali, pomwe pa mawotchi a pulogalamu yakale mumakoka chala kuchokera pansi pa galasi kupita m'mwamba. Batani la chithunzi cha belu, Silent Mode, limangozimitsa phokoso: uthenga ukabwera wotchi imakugwedezanibe ndipo mukatukula mkono imayaka. Batani la nkhope ziwiri za zisudzo, Theater Mode, lomwe m'mayiko ena limalembedwa Cinema Mode, linabwera mu 2017. Ilo limazimitsa phokoso komanso limaletsa galasi kuyaka mukatukula mkono, koma kugwedeza kumapitirira. Batani la mwezi, Do Not Disturb, ndi limene limaimitsa mafoni ndi mauthenga kuti asalire kapena kukugwedezani, ngakhale alamu imene mwatchera imagwirabe ntchito. Koma mweziwo suletsa galasi kuyaka pamene mkono wayenda. Apa ndi pamene pagona vuto lonse: nkhope ziwiri zimabisa wotchi kwa anzanu koma osati kwa inu, pomwe mwezi umakutetezani inu ku mauthenga koma kuwala kumaonekerabe kwa anzanu.

Usiku zonse zitatu zimafunika kutsekedwa nthawi imodzi, ndipo ntchito imeneyi ndi ya Sleep, ya chithunzi cha bedi. Titenge munthu amene amagona 10 koloko usiku n'kudzuka 5:30 m'mawa. Pa iPhone atsegule Health, apite pa Sleep, alembe nthawi ziwirizo ndi masiku ake, ndipo Loweruka ndi Lamlungu akhoza kuwapatsa ndondomeko yawoyawo. Nthawi ikakwana mauthenga amaima, galasi limazima ndipo siliyakanso iye akatembenuka pabedi. Akafuna kuona nthawi amangogunda galasi ndi chala, n'kuona manambala osawala kwambiri. Alamu ya 5:30 imamudzutsa ndithu, ndipo ngati wayatsanso batani la belu lija, imamudzutsa ndi kugwedeza kokha, mnzake wogona naye osamva kanthu. Chifukwa chimene ndikulimbikitsira ndondomeko m'malo modina batani usiku uliwonse n'chosavuta: munthu wotopa amaiwala, ndipo usiku umene waiwalawo ndi umene gulu la pa WhatsApp limachezera mpaka tambala. Aonetsetsenso kuti mu pulogalamu ya Watch ya pafoni, pa General kenako Focus, wayatsa Mirror my iPhone, kuti foni ndi wotchi zizikhala chete limodzi. Popanda zimenezi, china chimagona china chili maso.

Wina anganene kuti kutseka mafoni usiku n'kusaganizira abale, popeza uthenga wa matenda kapena wa maliro subwera masana okha. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa, pakuti munthu amene mayi ake ali m'chipatala sangagone mtima uli m'malo akudziwa kuti foni yake siilira. Komabe yankho si kusiya khomo lonse lotsekula. Pa iPhone, mu Settings, pa Focus, pa Sleep, pali malo otchedwa People pomwe mumasankha anthu amene mafoni awo azidutsa, monga makolo, mwamuna kapena mkazi wanu, ndi mwana amene ali kusukulu yogonera konko. Pomwepo palinso Allow Repeated Calls: munthu yemweyo akaimba kachiwiri mphindi zitatu zisanathe, foni yachiwiriyo imalira ngakhale nambala yake isali pamndandanda. Izi zimathandiza pamene wachibale wabwereka foni ya woyandikana naye. Amene ali ndi nkhani yoopsa saimba kamodzi n'kusiya, choncho njira imeneyi imasiyanitsa bwino ngozi ndi macheza. Chofunika n'kuyesa masana: yatsani Sleep ndi dzanja, pemphani wachibale akuimbireni kawiri pa foni wamba, kenako pa WhatsApp, muone ngati zonse zikudutsa monga mukuyembekezera. Mndandandawo ukhale waufupi, chifukwa mukaikamo anthu makumi awiri ndiye kuti simunatseke kalikonse.

Msonkhano ndi wosiyana chifukwa nthawi yake imasinthasintha. Pa msonkhano wa ola limodzi m'chipinda chowala, mwezi wokha ndi wokwanira, ndipo mukaudina sankhani kuti ukhale kwa ola limodzi, osati mpaka kalekale. Ola likatha umadzizimitsa wokha. Ambiri amasankha belu kapena nkhope ziwiri poganiza kuti bola phokoso lisamveke, koma apa ndikutsutsana nawo. Kugwedeza kwa pamkono kumakoka maso, ndipo munthu akayang'ana wotchi wina akulankhula, wolankhulayo sadziwa kuti wabwera ndi uthenga. Amangoona munthu amene watopa naye ndipo akuwerengera nthawi. Pamaso pa akuluakulu, pa zokambirana za ukwati kapena pofunsidwa mafunso a ntchito, kayang'anidwe kameneko kamawononga kuposa kulira kwa belu. Nkhope ziwiri ziwonjezedwe pamwamba pa mwezi pamene chipinda chili ndi mdima, monga poonetsa zithunzi pakhoma kapena pa mapemphero a usiku, makamaka pa mawotchi amene galasi lawo limakhala loyaka nthawi zonse, monga zinayambira pa Series 5 mu 2019. Ngati mwaiwala zonse ndipo wotchi yayamba kulira, iphimbeni ndi chikhatho kwa masekondi atatu, idzatonthola, bola Cover to Mute ikhale yoyatsa.

Ena amati njira yapafupi n'kungoivula. Pa msonkhano zimatheka, koma usiku mumataya alamu yogwedeza ija pamodzi ndi kuyeza tulo, ndipo wotchi ikakhala pa chaja alamu yake imalira mokweza ngakhale Silent Mode itayatsidwa. Vuto lenileni la mabataniwa si kuwayatsa koma kuiwala kuwazimitsa. Theater Mode ilibe malire a nthawi, imakhala mpaka mutaichotsa nokha, n'chifukwa chake ena amaganiza kuti wotchi yawonongeka poona kuti siikuyaka akatukula mkono. Musanapite nayo kwa okonza, gundani galasi muyang'ane pamwamba pake. Mukaona nkhope ziwiri, n'zimene zikuletsa kuwala. Mukaona mwezi, n'chifukwa chake mafoni a tsiku lonse akudutsani osawamva, ndipo bedi likaoneka dzuwa litatuluka kale, bwererani mu Health mukakonze nthawi yodzukira.