Golide amagweranji pa nthawi imene amafunika kwambiri?

Anthu ambiri amene amasunga chuma chawo mu golide amatero poganiza za tsiku la mavuto. Amati makampani akhoza kugwa, mabanki akhoza kutsekedwa, ndalama ya dziko ikhoza kutha mphamvu, koma golide amakhala golide basi. Maganizo amenewa ali ndi maziko ake. Komabe amene ankatsata misika m'mwezi wa Malichi 2020 anaona zinthu zimene zinawasokoneza mutu. Mliri wa Covid-19 utafika ku Ulaya ndi ku America, mitengo ya masheya inagwa kwambiri, ndipo golide, m'malo mokwera, anagwera limodzi nawo. Pa 9 Malichi aunzi imodzi ya golide, yomwe ndi magalamu 31 ndi kachidutswa, inali pafupifupi madola 1,680. Pofika pa 19 Malichi inali itatsika kufika cha m'ma 1,470. Pa masiku khumi okha golide anataya pafupifupi 12 peresenti ya mtengo wake, pa nthawi yomwe dziko lonse linali ndi mantha.

Si kuti anthu anasiya kumukhulupirira. Ambiri mwa amene anagulitsa sankafuna n'komwe kugulitsa. Anakakamizika ndi ngongole, ndipo kuti izi zimveke bwino tiyenera kuona mmene anthu amagulira masheya ku misika ikuluikulu monga ya ku New York.

Kumeneko si onse amene amagula ndi ndalama zawo zokha. Tiyerekeze munthu amene ali ndi madola 100,000. Kampani imene imamugulira masheya ikumubwereka ena 100,000, ndiye akugula masheya a madola 200,000, ndipo masheyawo ndi amene akukhala chikole cha ngongoleyo. Pali pangano lakuti gawo lake iyeyo, kutanthauza zimene zingatsale atabweza ngongole, lisachepere pa 30 peresenti ya mtengo wa masheya onse. Munthu yemweyu, pokhala wosamala, anasunganso golide wa madola 30,000 pambali.

Tsopano msika wagwa ndi 34 peresenti, monga momwe masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America anagwera pakati pa 19 Febuluwale ndi 23 Malichi 2020. Masheya aja a 200,000 atsala 132,000. Ngongole siitsika chifukwa choti msika watsika: ikadali 100,000. Choncho gawo la mwini wake langotsala 32,000, pamene pangano likufuna 30 peresenti ya 132,000, yomwe ndi 39,600. Pakuperewera madola 7,600. Kampani ija imamuuza kuti abweretse ndalamazo msanga, nthawi zambiri pa tsiku limodzi kapena masiku ochepa chabe, apo ayi imugulitsira masheya ake pa mtengo uliwonse umene ungapezeke.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Munthuyu ali ndi njira ziwiri. Akasankha kugulitsa masheya kuti achepetse ngongole, sangogulitsa a 7,600 okha ayi. Dola iliyonse ya masheya imene wagulitsa imangochepetsa zomwe pangano likufuna ndi masenti 30, ndiye kuti atseke mpata wa 7,600 ayenera kugulitsa masheya oposa madola 25,000, pa mtengo wotsikitsitsa, n'kuvomereza kuti zimene wataya zapita ndithu. Akasankha golide, akungogulitsa wa 7,600 n'kupereka ndalamazo, nkhani yatha. Kuwonjezera apo golide wake sanagwe kwambiri, mwinanso akadali pamwamba pa mtengo umene anamugulira, ndipo wogula amapezeka pa mphindi zochepa. Munthu aliyense woganiza bwino atakhala pamalo pakepo angagulitse golideyo. Vuto ndi lakuti pa sabata imeneyo anthu zikwizikwi, pamodzi ndi makampani oyendetsa chuma cha mabiliyoni, anali pamalo omwewo, ndipo onse anasankha chimodzimodzi.

Amene anakulira kumudzi akhoza kukumbukira zimene zimachitikira mbuzi m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chaka cha njala. Banja lililonse limene chimanga chatha limakokera mbuzi yake kumsika, ndipo mtengo wa mbuzi umagwa ngakhale mbuzizo zili zonenepa bwinobwino. Banjalo silinagulitse chifukwa choti mbuzi ndi yachabechabe. Lagulitsa chifukwa ndi chinthu chokhacho pakhomopo chimene chingapeze wogula lero lomwe.

Ndi mmenenso alili golide. Ubwino wake waukulu, woti amagulika msanga ku London, ku New York ndi ku Shanghai pafupifupi usana ndi usiku, ndi umene umachititsa kuti akhale woyamba kutulutsidwa pakhomo ndalama zikafunika mwadzidzidzi. Nyumba sungaigulitse pa tsiku limodzi. Zikalata za ngongole za makampani ang'onoang'ono zinkasowa wogula m'masabata amenewo. Makampani osungira anthu ndalama, eni ndalamazo atayamba kuzifuna nthawi imodzi, anagulitsa zimene zinkagulika, osati zimene ankafuna kutaya.

Palinso chinthu china chimene chimakulitsa kugwaku, ndipo ichi anthu ambiri sachidziwa. Gawo lalikulu la malonda a golide silichitika ndi golide weniweni wogwira m'manja koma ndi mapangano ogula kapena kugulitsa m'tsogolo. Pa msika wa Comex ku New York pangano limodzi limaimira maaunzi 100. Pa mtengo wa 1,680 ndiye kuti golide wa madola 168,000, koma kuti munthu alowe m'pangano lotere ankangoika chikole chosakwana madola 10,000. Mtengo ukatsika ndi madola 200 pa aunzi, wataya madola 20,000 pa pangano limodzi, kuposa kawiri chikole chake chonse. Phindu ndi kuluza zimawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndiye munthu wotere amayenera kuwonjezera ndalama kapena kutuluka. Amene akutuluka amagulitsa, mtengo n'kutsikanso, n'kukankhira anzake otsatira kunja. Choncho kugwa kumene kunayamba chifukwa cha ngongole za masheya kumapitirira chifukwa cha ngongole za pa golide yemweyo.

Dola nayo imachitapo kanthu. Ngongole zambiri za padziko lapansi zimabwezedwa m'madola, ndiye pa nthawi ya chipwirikiti aliyense amasaka madola ndipo dola imakwera mphamvu. Popeza mtengo wa golide umatchulidwa m'madola, dola ikakwera nambala ya golide imatsika. Mu Malichi 2020 njala ya madola inafika poti ngakhale zikalata za ngongole ya boma la America, zimene anthu amathawirako pa mavuto, zinagulitsidwa mochuluka mpaka mtengo wake unatsika kwa masiku angapo.

Chimene chinaletsa kugwaku chikutsimikizira kuti vuto linali kusowa kwa ndalama zogwiritsa ntchito pompopompo. Pa 15 Malichi banki yaikulu ya America inatsitsa chiwongoladzanja kufika pafupi ndi ziro, ndipo pa 23 Malichi inalengeza kuti igula zikalata za ngongole ya boma mopanda malire. Ndalama zitayamba kupezeka, okakamizika kugulitsa anachepa, ndipo golide anatembenuka sabata yomweyo. Pofika Ogasiti 2020 anadutsa madola 2,000 pa aunzi koyamba m'mbiri. Amene anagulitsa pa 19 Malichi chifukwa cha mantha okha, alibe ngongole iliyonse yomukakamiza, anataya zambiri popanda chifukwa, ndipo anthu otere ndi amene ndimawamvera chisoni kwambiri, chifukwa anachita mantha ndi vuto la anthu ena.

Zoterezi zinachitikanso mu 2008, ngakhale zinatenga nthawi yotalikirapo. Mu Malichi chaka chimenecho golide anadutsa madola 1,000 koyamba. Banki ya Lehman Brothers itagwa pa 15 Sepitembala, iye anayamba wakwera, kenako anatsika kufika cha m'ma 700 mu Okutobala ndi Novembala. Komabe chaka chinatha ali cha m'ma 870, pamwamba pang'ono pa pamene anayambira, pamene masheya a ku America anali atataya kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wake. Pofika Sepitembala 2011 anali atafika pafupifupi 1,900.

Ndiyenera kuchenjeza kuti si kugwa kulikonse kwa golide kumene kuli kwa mtundu umenewu, ndipo kusokoneza mitundu iwiriyi kukhoza kuwonongetsa chuma. Mu Epulo 2013 golide anagwa ndi pafupifupi 13 peresenti pa masiku awiri a malonda, ndipo chaka chonsecho anataya pafupifupi 28 peresenti. Koma nthawi imeneyo masheya a ku America ankakwera. Panalibe amene ankathamangitsidwa ndi ngongole za masheya. Anthu ankagulitsa chifukwa mantha a 2008 anali akutha ndipo ankaona kuti ndalama zawo zingapindule bwino kwina. Amene anagula mu 2013 poyembekezera kuti golide abwerera pa miyezi yochepa anadikira mpaka 2020 kuti aonenso mtengo wa 2011.

Njira yosiyanitsira ndi kuyang'ana zimene zikugwera limodzi ndi golideyo. Ngati masheya, siliva, mafuta ndi zikalata za boma zonse zikutsika pa masiku omwewo, dola yokha n'kumakwera, ndiye kuti anthu akusaka ndalama, osati akuthawa golide. Chizindikiro china chimaoneka kwa ogulitsa golide weniweni. Mu Malichi 2020, pamene mtengo wa pa msika waukulu unkatsika, masitolo ogulitsa timiyala ndi ndalama zachitsulo za golide ku Ulaya ndi ku America ankatha katundu, ndipo ogula ankalipira ndalama zambiri pamwamba pa mtengo wolengezedwa. Mafakitale oyenga golide a kumwera kwa Switzerland anatsekedwa chifukwa cha mliri, ndege zonyamula katunduyo zinaima, moti kwa kanthawi mtengo wa ku New York unaposa wa ku London ndi madola makumi angapo pa aunzi, chinthu chosachitikachitika.

Kwa amene amakumba golide kuno kwathu n'kumagulitsa, kaya kwa ogula wamba kaya ku Reserve Bank imene inayamba kugula kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021, mtengo umene amapatsidwa umachokera ku nambala yomweyi ya m'madola, yosinthidwa kukhala makwacha. Wogula akanena kuti golide wagwa kunja, mwina akunena zoona ndithu. Chofunika kufufuza ndi chakuti sabata imeneyo masheya ndi dola zikuchita chiyani, chifukwa mu 2020 kugwa kobwera ndi kusaka ndalama kunatenga masabata awiri okha, mu 2008 kunatenga miyezi ingapo, pamene kwa 2013 kunatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti kuthe.