M'khitchini Mwathu: Mabanzi 12 Kuchokera pa Ndondomeko ya Mabanzi 20

Ndondomeko zambiri za kaphikidwe zimene timakopera m'mabuku kapena pa maphunziro a zophikaphika zimalembedwera gulu lalikulu kuposa banja lathu. Ngati tikufuna theka, palibe vuto, aliyense amadziwa kugawa pawiri. Mutu umayamba kuzungulira pamene ndondomeko ndi ya mabanzi 20 koma ife tikufuna 12, chifukwa chiwaya chathu chimangolowa 12, kapena chifukwa m'nyumba tilimo anthu 6 ndipo aliyense adya awiri. Theka litipatsa mabanzi 10, ndiye kuti wina aperewedwa. Tikaphika onse 20, otsalawo auma kapena achita nkhungu. Mwezi uno tiyeni tione mmene tingachepetsere zonse molingana, kuti mabanzi 12 akome chimodzimodzi ndi mmene 20 aja akanakomera.

Choyamba ndi kupeza gawo limene tikufuna. Lembani nambala imene mukufuna pamwamba, ndipo imene ili m'ndondomeko pansi: 12/20. Nambala zonse ziwirizi zimagawika ndi 4, choncho zimasanduka 3/5, kutanthauza magawo atatu mwa magawo asanu. Chikhalanso chomwecho ngati chakudya chinalembedwera anthu 10 inu muli 6, kapena anthu 25 inu muli 15. Mukapeza 3/5, lamulo lake ndi limodzi basi: chilichonse cholowa m'mbale chigaweni pasanu, kenako tengani magawo atatu. Yambani ndi kugawa, kuchulukitsa kubwere pambuyo, chifukwa mukatero nambala zimakhala zazing'ono, zotheka kuwerengera pamtima.

Nayi ndondomeko imene tigwiritse ntchito, ya mabanzi 20 a ufa wa tirigu wa bulauni: ufa makapu 8, omwe ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, madzi ofunda makapu awiri ndi theka, mafuta ophikira masupuni aakulu 5, shuga masupuni aakulu 4, mchere masupuni aang'ono awiri, ndi yisiti kapaketi kamodzi ka magalamu 10. Kapu yoyezera imalowa mamililita 250, supuni yaikulu 15, ndipo yaing'ono 5. Nambala zitatuzi muzilembe penapake m'khitchini, chifukwa ndi zimene zimamasula mfundo zikamangana.

Tiyambe ndi zosavuta. Mafuta ndi masupuni 5. Kugawa pasanu ndi supuni imodzi, magawo atatu ndi masupuni aakulu atatu. Yatha.

Madzi amaoneka ovuta chifukwa cha theka lija, koma tikawasandutsa mamililita amafewa. Makapu awiri ndi theka ndi mamililita 625. Tikagawa pasanu tipeza 125, yomwe ndi theka la kapu ndendende. Matheka atatu ndi kapu imodzi ndi theka. Apa mwaona chinsinsi chake: muyezo waukulu ukakana kugawika pasanu, usandutseni muyezo waung'ono, muwerengere, kenako mubwerere ku kapu ndi supuni.

Ufa ndi umene umafuna kudekha. Amene ali ndi sikelo ntchito yawachepera: magalamu 1000 kugawa pasanu ndi 200, kuchulukitsa katatu ndi magalamu 600. Amene tili ndi kapu yokha tichite motere. Makapu 8 ndi mamililita 2000. Gawo limodzi mwa asanu ndi 400, ndipo magawo atatu ndi 1200. Makapu asanu akanakhala 1250, choncho tikufuna makapu asanu kuchotsapo mamililita 50. Thirani makapu asanu osalaza pamwamba ndi mpeni, kenako tapanimo masupuni aakulu atatu ndi yaing'ono imodzi n'kubwezera m'thumba. Ufa umene mwabwezawo musauike patali, muufuna powaza patebulo pokanda.

Shuga ndi masupuni aakulu 4, omwe ndi mamililita 60. Kugawa pasanu ndi 12, katatu ndi 36. Masupuni aakulu awiri ndi yaing'ono imodzi akupatsani 35, ndipo mililita imodzi yotsalayo palibe lilime limene lingaizindikire. Mchere ndi mamililita 10, ndiye tikufuna 6: supuni yaing'ono imodzi yosalaza, n'kuwonjezera katsine kamodzi ndi zala. Yisiti ndi magalamu 10, tikufuna 6. Supuni yaing'ono ya yisiti wouma imalemera pafupifupi magalamu atatu, choncho masupuni aang'ono awiri osalaza akwanira. Wotsala m'paketi mupinde pakamwa pake, mumange bwino ndi kusunga pamalo ozizira ndi ouma, ndipo musachedwe kumugwiritsa ntchito chifukwa akatsegulidwa amayamba kutha mphamvu.

Ena anena kuti masamu a mamililita anawasiya kusukulu. Ilipo njira ya manja. Yezani muyezo wonse monga walembedwera, muuthire pathireyi kapena pambale yafulati, muugawe timilu tisanu tofanana monga amachitira ogulitsa tomato pamsika, ndipo mutenge titatu. Njirayi imayenda bwino pa ufa, shuga, yisiti, mtedza ndi nyemba. Pa zamadzimadzi, ikani makapu asanu ofanana pamzere, muthire mpaka onse alingane, mutenge atatu. Chenjezo limodzi: musayese kugawa pasanu poyang'ana msinkhu wa madzi m'kapu yotambasuka kukamwa ndi yopanikizika kunsi. Gawo lam'mwamba la kapu yotere limalowa zambiri kuposa lam'munsi, ndipo maso adzakunamizani.

Musanasakanize kanthu, yesani mayankho anu. Magawo atatu mwa asanu amaposa theka pang'ono chabe. Theka la makapu 8 ndi 4, ife tapeza pafupifupi 5, zili bwino. Theka la masupuni 4 ndi awiri, ife tapeza awiri ndi kakang'ono, zili bwino. Yankho likatsika pansi pa theka, mwina mwatenga magawo awiri otsala aja m'malo mwa atatu. Likaposa muyezo woyamba, mwatembenuza nambala, mwagawa patatu n'kuchulukitsa kasanu.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuchotsa nambala yofanana pa chilichonse. Munthu amaganiza kuti popeza kuchoka pa 5 kufika pa 3 tachotsa 2, ndiye tichotse 2 paliponse. Pa mafuta zimatheka mwamwayi, 5 amakhala 3. Koma ufa ukhala makapu 6, madzi theka la kapu, ndipo mchere utheratu. Ufa wochuluka chotero sungakandike ndi madzi ochepa chonchi. Kuchepetsa molingana ndi kugawa ndi kuchulukitsa, osati kuchotsera.

Cholakwika china ndi kuzungulitsa nambala mbali zosiyana. Tiyerekeze kuti ufa mwaukweza kufika makapu asanu athunthu, koma madzi mwangoti theka la poyamba, kapu imodzi ndi kota. M'ndondomeko yoyamba kapu iliyonse ya ufa imalandira madzi pafupifupi mamililita 78. Tsopano ikulandira 62 okha. Mudzadziwa pokanda: ufa umalimba, umang'ambika m'malo motamuka, ndipo mabanzi amatuluka olemera, ong'aluka pamwamba. Zikachitika musataye mtima, wonjezerani madzi ofunda supuni imodzi imodzi mukukanda, mpaka ufawo ufewe koma osamata m'manja. Ndi bwinonso kusiyako masupuni awiri a madzi poyamba n'kuwathira pomaliza, chifukwa ufa umasiyana kamwedwe ka madzi, ndipo wa bulauni umamwa kwambiri kuposa woyera.

Tinthu tating'ono ndi timene timaiwalika. Ambiri amachepetsa ufa ndi madzi mosamala, koma mchere ndi yisiti amathira monga kale poganiza kuti n'zochepa kale. Mchere wa mabanzi 20 ukalowa mu 12, banzi lililonse limalandira wopitirira muyezo ndi magawo awiri mwa atatu. Kwa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo akuyesetsa kuchepetsa mchere, kumeneko ndi kubwerera m'mbuyo osadziwa. Mchere wambiri umachedwetsanso yisiti, ufa umatupa mwaulesi. Yisiti naye akachuluka, ufa umatupa mothamanga, umanunkha chowawasa, ndipo mabanzi amatha kuphwa ali pamoto. Choncho pa mchere, mukakakamizika kuzungulitsa nambala, itsitseni, musaikweze.

Nanga mazira? Ndondomeko ina imafuna mazira awiri, ndipo 3/5 ya awiri ndi dzira limodzi ndi kagawo kamodzi mwa asanu. Simufunika kuswa lachiwiri. Dzira limodzi lopuntha limakwana pafupifupi masupuni aakulu atatu, ndiye kagawo kosowako ndi pafupifupi masupuni aang'ono awiri. Ikani dzira limodzi, muwonjezere masupuni aang'ono awiri a madzi kapena mkaka wa soya, mabanzi sadzasiyana.

Pomaliza, pali zinthu zimene sizichepetsedwa ndi 3/5. Kutentha kwa uvuni kumakhala komweko. Ngati mabanzi 20 amapsa pa madigiri 200 kwa mphindi 20, mabanzi 12 a kukula komweko amafunanso pafupifupi mphindi 20, osati 12, chifukwa moto umayenera kulowa mpaka pakati pa banzi lililonse, ndipo banzilo silinachepe. Nthawi yotupa nayo sisintha. Dikirani mpaka ufa utupe kuwirikiza kawiri, ndipo mu June ndi July, kukamazizira, zimatenga nthawi yaitali kuposa mu October. Ophikira pa mbaula, makala a pansi ndi a pachivindikiro muwayese ndi kukula kwa poto, osati ndi kuchuluka kwa ufa. Chimene chiyenera kuchepa ndi chiwaya. Mabanzi 12 akamwazikana m'chiwaya cha mabanzi 20 amauma m'mbali, pamene akayandikana amatupira m'mwamba ndi kukhala ofewa. Banzi lapsa likafiira pamwamba ndipo likamveka ngati mulibe kanthu m'kati mukaligogoda kunsi ndi chala.

Kuti mabanzi akwanedi 12 ofanana, ufa wokandawo uduleni pawiri, chidutswa chilichonse pawirinso, kenako chilichonse mwa zinayizo patatu. Mukatero aliyense mwa anthu 6 aja alandira awiri ofanana, popanda wodandaula kuti lake lachepa.

Mukamaliza kuwerengera, lembani miyezo yatsopanoyi ndi pensulo pambali pa yakale: ufa makapu asanu kuchotsapo masupuni aakulu atatu ndi yaing'ono imodzi, madzi kapu ndi theka, mafuta masupuni aakulu atatu, shuga masupuni aakulu awiri ndi yaing'ono imodzi, mchere supuni yaing'ono ndi katsine, yisiti masupuni aang'ono awiri. Tsiku lina mwana wanu akadzafuna kuphika inu kulibe, adzangowerenga.