Akakukayikirani chifukwa simunaigwirepo ntchitoyo

Bwana akanena pa intaviyu kuti "koma ntchito yosunga katundu simunaigwirepo", ambiri amangoti basi zakanika. Ena amatumiza kalata yodzaza ndi mawu akuti "ndine wolimbikira, ndimaphunzira msanga". Kwa ine uku n'kutaya pepala, poti aliyense wofuna ntchito amanena zomwezo.

Tiyerekeze kuti ndinu mphunzitsi wa pulayimale ndipo mukufuna ukalaliki woyang'anira katundu pa holoselo. Bwanayo sakukayikira khama lanu ayi. Akuopa kuti tsiku lina zolembedwa m'buku zidzasiyana ndi zomwe zili m'nyumba ya katundu, inu n'kusowa chonena. Kalata yanu iyankhe mantha amenewo, ndipo ifike pasanathe masiku atatu, asanaiwale nkhope yanu.

Ngati munkasunga ufa wa likuni phala pasukulu, monga amachitira aphunzitsi ena m'sukulu zothandizidwa ndi Mary's Meals, umboni muli nawo kale. Musalembe kuti "ndinkathandiza pa phala la ana". Akamva phala, bwana angoganiza za mphika ndi nkhuni. Lembani chonchi:

"Bwana, ndathokoza pondipatsa mpata Lachiwiri lija. Munati mukukayika chifukwa sindinasungepo katundu wa malonda, ndipo n'zoona. Komabe kusukulu ndinkalandira ufa, kuwerenga matumba ndisanasayine, n'kulemba chilichonse chotuluka. Ulendo wina ndinalandira matumba 120 ndipo tinkatulutsa atatu patsiku. Patatha masiku 20 ophika panayenera kutsala 60, koma ndinapeza 58. Nditafufuza ndinapeza kuti ophika anatenga awiri tsiku limene ndinali kumaliro. Kuyambira pamenepo thumba silinkatuluka popanda siginecha. Matumba ndinkawasanja pa matabwa kuopa chinyezi, ndipo ofika kale ndiwo ankayamba kutuluka."

Mwaona kuti nkhani ya matumba osowa sinabisidwe? Ndiyo yokoka mtima wa bwana, chifukwa katundu amasowa paliponse, koma si kalaliki aliyense amene amazindikira yekha mwini wake asanafunse. Manambala akhale oona. Bwana akhoza kuimbira ahedi anu foni, ndipo ndi bwino nambala yawo muipereke nokha mutawapempha kaye.

Chomwe simudziwa chitchuleni poyera. Ngati holoseloyo imalemba katundu pakompyuta pomwe inu munazolowera buku, nenani choncho, ndipo muonjezere zomwe mwayamba kuchita, monga kuphunzira Excel madzulo. Kenako pemphani kuti akuyeseni kwa miyezi itatu. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limalola nthawi yoyeserera yosapitirira miyezi 12 kwa antchito aluso, ndipo m'nthawiyo mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Chenjerani pamenepa: pemphani kuyesedwa kolipidwa, kolembedwa m'kalata ya ntchito, osati kugwira ulere.

Zonsezi zikwane tsamba limodzi. Akapanda kuyankha pakatha sabata, imbani foni kamodzi mufunse ngati kalatayo inafika.