Mtengo Wakatundu Umakwerera pa Khomo la Sitolo

Eni magolosale a ku Migowi ndi ku Chiringa akafunsidwa chifukwa chake shuga ndi sopo zimadula kuposa ku Limbe, yankho lawo ndi limodzi: mtunda. Inu a m'tauni mumavomera, ndipo abale athu amene munakhalitsa ku Lusaka ndi ku Harare mumangopukusa mitu nkumati misewu ya kwathu ndi yoipa. Ine ndikuti mtunda tikuunamizira. Chimene chimadya ndalama ndi nthawi imene galimoto imataya itaima, ku Limbe komwe ikunyamuka ndi ku Phalombe komwe ikutsitsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo tiwerengere m'malita, pakuti kwacha yathu sichedwa kusintha nkhope. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti wamalonda ali ndi matumba 20 a makilogalamu 50 oti afike kwa eni masitolo khumi, aliyense matumba awiri. Ulendo tiutenge kuti ndi makilomita 80 kupita, 80 kubwera. Galimoto ya tani imodzi yoyenda makilomita 10 pa lita idzamwa malita 16, ndiye kuti thumba lililonse silikwana ndi lita yomwe. Njinga yamoto yoyenda makilomita 40 pa lita idzamwa malita 4 okha, koma inyamula matumba awiri basi. Kuti imalize katundu yense iyenera kuyenda maulendo khumi, malita 40. Pa mseu waukulu palibe mpikisano, galimoto yapambana.

Koma galimoto ija ikafika pa Migowi, zinthu zimatembenuka. Masitolo khumi aja sali pa mzere umodzi. Ina ili m'kati mwa msika momwe anthu ayala malonda mpaka mu mseu, ina kuseri kwa chigayo, ina kutsidya kwa kamlatho ka mitengo. Pa khomo lililonse dalaivala ayenera kupeza poima, kufunafuna mwini wake, kutsitsa, kuwerenga ndalama ndi kulemba lisiti. Tinene kuti ndi mphindi 20 pa khomo. Makomo khumi ndi mphindi 200, maola atatu ndi kupitirira, osawerengera kuyenda pakati pake. Nthawi yonseyo dalaivala ndi womuthandiza akulipidwa, ndipo galimoto yodula ija yangokhala. Akapeza kuti mwini sitolo wapita ku maliro, thumbalo liyenera kubweranso tsiku lina, ndipo mtengo wolifikitsa wawirikiza.

Tsono taonani njira ina. Galimoto itsitse matumba onse pa malo amodzi, akabaza asanu atenge maulendo awiri aliyense. Akugwira ntchito nthawi imodzi, amadutsa pamene galimoto singadutse, ndiponso amadziwa kuti mwini sitolo akasowa amapezeka pati. Galimoto ikhoza kutembenuka nthawi yomweyo, kapena kukweza nandolo wopita ku Limbe ngati ndi nyengo yake, m'malo mobwerera yopanda kanthu. Ulendo wobwerera opanda katundu ndiwo amalonda ambiri amaiwala kuuwerengera, chikhalirecho wogula ndi amene amaulipira.

M'tauni nkhani ndi yomweyi, mwinanso kuposa. Amene anayesapo kulowa ndi galimoto m'tinjira ta ku Ndirande kapena ku Bangwe, kapena kufuna poimika pafupi ndi msika wa Limbe masana, akudziwa kuti makilomita awiri akhoza kudya nthawi yofanana ndi makumi awiri a pa mseu wa tala. Nchifukwa chake ndimadabwa ndi anthu amene amangofuula kuti akabaza achotsedwe m'mizinda. Kodi thumba la ufa lidzafika bwanji pa khomo la mayi wophika mandasi? Pamutu?

Sindikuti njinga yamoto ndi mankhwala a zonse, ayi. Malata, mazira, magalasi ndi simenti yambiri ya munthu mmodzi ndi katundu wa galimoto. Mvula ikagwa shuga amanyowa, ndipo wakabaza akasenza matumba anayi chifukwa cha umbombo, mabuleki sagwira bwino. Ambiri amayenda opanda chiphaso ndi inshuwalansi, choncho katundu akawonongeka palibe wolipira. Zimenezo nzoti zikonzedwe. Komabe tikumbukire kuti namondwe Freddy atagumula misewu ndi milatho ya m'Phalombe mu Marichi 2023, madera ngati Nkhulambe anakhala masiku osafikika ndi galimoto. Mseu ukaduka chotero, njinga imatha kunyamulidwa ndi anthu kuwoloka mtsinje, galimoto ayi.

Wamalonda wofuna kudziwa choyenera kusankha apatse dalaivala wake kabuku sabata imodzi, azilemba nthawi yoima ndi nthawi yonyamuka pa khomo lililonse, ndi matumba amene watsitsa. Akapeza kuti galimoto imaima nthawi yaitali kuposa imene imayenda, ndipo makomo ambiri akulandira matumba awiri kapena kucheperapo, afune malo otsitsira pa Migowi ndipo akambirane mtengo ndi akabaza a pa siteji.