Nambala ya tsamba ili pawiri

Omvera athu a kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, kuno ku Zomba, malamulo a usodzi ndi malipoti a nyanja masiku ano akufika pa lamya ngati PDF ya masamba ambirimbiri. Tinene kuti mlembi wa komiti ya padoko la Kachulu wafunsidwa za nyengo yotseka usodzi. Asayambe kuwerenga chikalata chonse. Alembe mawu amodzi pamalo ofufuzira, lamya imulozere. Ikapanda kupeza kanthu, mwina chikalatacho anachita kuchijambula, choncho ndi zithunzi chabe, ndipo ayenera kutsata mndandanda wa mitu.

Apa ndiye posokoneza. Lamya imawerenga kuyambira pachikuto, pamene nambala yosindikizidwa pansi pa tsamba kawirikawiri imayambira pamutu woyamba. Lamya ikati 47, papepala pangakhale 39, ndipo amfumu amene agwira buku losindikizidwa adzatsegula pena. Mlembi atchule zonse ziwiri, komanso nambala ya ndime.

Powerengera anthu, awerenge chiganizo chathunthu. Ine chimandipweteka ndi kudula mawu oti "kupatula" kapena "pokhapokha", chifukwa lamulo loletsa khoka lokha limamveka ngati laletsanso mbedza ndi mono.