Kanema wa zaumoyo akalemera, makolo satsegula

Nyengo ya mvula ikafika, magulu a WhatsApp a makolo ndi anthu odzipereka pa zaumoyo amadzaza ndi mauthenga. Ku Salisbury Lines mumzinda wa Mzuzu, komwe malo ake ndi otsika ndipo madzi sachedwa kundenga ndi kusefukira m'zimbudzi ndi m'zitsime, mauthenga a kolera ndi kutsegula m'mimba ndi ofunikadi. Tonse tikukumbukira mliri wa 2022 mpaka 2023 womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Koma ambiri mwa mauthengawa safika. Kholo limaona chithunzi chosaoneka bwino chokhala ndi kamuvi pakati, pambali pake palembedwa 48 MB, n'kungodutsa. Silikunyoza uthengawo ayi, likusunga bandulo.

Maganizo anga ndi akuti udindo wopeputsa uthenga ndi wa inu wotumiza. Inu mumalipira kamodzi, pomwe gulu limalipira kangapo, malinga ndi kuchuluka kwa anthu ake.

Tiyerekeze kuti mwajambula kanema wa mphindi ziwiri woonetsa kasungunulidwe ka Thanzi ORS, kuti mutumize ku gulu la anthu 60. Mafoni ambiri amajambula pa 1080p, ndipo pa mlingo umenewu mphindi imodzi imatha kupitirira 100 MB. Kanema wanuyo akhoza kukhala wa 250 MB. Mukamutumiza kudzera pa Document, monga ena amachitira pofuna kuti "asawonongeke", WhatsApp samuchepetsa ngakhale pang'ono. Anthu 60 atati amutsitse onse, gululo lingawononge 15,000 MB pa phunziro limodzi. Nthawi nayo ndi nkhani ina. Netiweki ikamayenda pa megabiti imodzi pa sekondi, 1 MB imatenga masekondi 8, choncho 250 MB imafuna nthawi yoposa theka la ola. Palibe mayi amene angadikire nthawi yonseyo mwana akutsegula m'mimba.

Kanema yemweyo mukamusankha pa Gallery, WhatsApp amamupeputsa yekha. Musanatumize, yang'anani pamwamba pa foniyo: pali kamzere ka tizithunzi, ndipo pafupi nako palembedwa kutalika kwa kanemayo ndi kulemera kwake. Tinene kuti palembedwa 16 MB. Zachepa, komabe gulu lonse lilipira 960 MB. Tsopano kokani m'mphepete mwa kamzereko kuti mudule malonje oyambirira ndi mathokozo akumapeto, patsale masekondi 40 ofunikawo: kusamba m'manja, kuyeza lita imodzi ya madzi aukhondo, kuthiramo paketi yonse, kutakasa, kumwetsa mwana pang'onopang'ono. Mudzaona nambala ija ikutsika mpaka pafupifupi 5 MB. Pa netiweki ija, awa ndi masekondi 40 otsitsa. Samalani ndi kabatani ka HD, kamene WhatsApp anawonjezera mu 2023. Pa uthenga wa gulu kasiyeni pa Standard.

Kupeputsa kwenikweni kumayambira pojambula. Lowani mu Settings ya kamera, musinthe kanema kuchoka pa 1080p kapena 4K kupita pa 720p. Ndipo dziwani mmene foni imasungira kanema. Siisunga chithunzi chilichonse chathunthu, koma kwambiri imalemba zomwe zasintha kuchokera pa chithunzi chapitacho. Mukajambula dzanja likunjenjemera, kumbuyo kukudutsa njinga za kabaza ndipo masamba akugwedezeka, ndiye kuti zonse zikusintha nthawi imodzi. Pomupeputsa kanema wotereyu, nkhope ndi manja zimasanduka timabokosi. Mdima nawo umadzetsa timadontho tothwanima tomwe timawononga chimodzimodzi. Tsamizani foni pa njerwa kapena pa mpando, jambulani panja pamthunzi masana, kumbuyo kukhale khoma chabe. Kanema wojambulidwa chonchi amaonekabe bwino ngakhale atapeputsidwa kwambiri.

Pa zithunzi vuto ndi lina, ndipo ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ngati wogwira ntchito m'chipatala. Chithunzi cha pafoni chimakhala cha 3 MB kapena 4 MB, ndipo WhatsApp amachitsitsa mpaka kuchepera theka la 1 MB. Amachita izi pochepetsa timadontho ta chithunzicho ndi kutaya tizinthu ting'onoting'ono tomwe diso silisamala. Pa chithunzi cha msonkhano palibe chotayika. Pa chikalata chapakhoma chokhala ndi malemba ang'onoang'ono, zomwe zimatayikazo ndi manambala. Taganizani za mankhwala a zinki omwe amaperekedwa pamodzi ndi Thanzi: mwana wosakwana miyezi 6 amamwa 10 mg pa tsiku, woposa pamenepo 20 mg, kwa masiku 10 mpaka 14. Munthu akajambula chikalata chonse ali patali, wina n'kujambulanso ndi screenshot, wachitatu n'kuchitumizanso, 3 amayamba kufanana ndi 8, ndipo kadontho kapakati pa manambala kamafufutika. Kukanikiza Forward sikuwononga chithunzi. Chowononga ndi kuchijambulanso n'kuchitumiza ngati chatsopano, chifukwa ulendo uliwonse chimapeputsidwanso.

Choncho musajambule chikalata chonse. Yandikirani, mujambule gawo limodzi lokhala ndi mfundo imodzi, ndipo mudule m'mbali mopanda ntchito. Mlingo wa mankhwala, tsiku la sikelo kapena la katemera, zilembeninso ndi mawu pansi pa chithunzicho. Malemba salemera konse, amafika ngakhale pamwamba pa foni pakuoneka E m'malo mwa 4G, ndipo amawerengeka ndi amene sanatsitse chithunzicho. Kenako yesani: tumizani kaye kwa mnzanu mmodzi wa foni yaing'ono, yagalasi losweka ngati ilipo, ndipo akuwerengereni mokweza manambala onse. Akakayika pa nambala imodzi yokha, chithunzicho sichinakonzeke.

Ena amati kanema wooneka mwapamwamba ndiye amene anthu amamukhulupirira. Pali choona pang'ono. Koma pagulu la m'dera, chikhulupiriro chimachokera pa kudziwa amene akulankhula, mlangizi wa zaumoyo kapena mayi wodzipereka amene anthu amakumana naye kumsika. Ndipotu uthenga wambiri sufuna kanema. Mawu ojambula a masekondi 40 safika ngakhale theka la 1 MB, moti mutha kulankhula kawiri, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, n'kuwonjezera chithunzi chimodzi, zonse pamodzi osafika 1 MB. Kanema musungireni zinthu zomwe munthu ayenera kuona manja akuchita.

Pali malo amodzi pomwe sindikufuna kuti mupeputse. Ngati mukutumiza chithunzi cha zidzolo, bala kapena diso lotupa kwa wachipatala kuti akulangizeni, tizinthu ting'onoting'ono tija ndi tomwe iye akufuna kuona. Jambulani pafupi, powala, ndipo pamenepa kanikizani HD. Chipite kwa iye yekha, osati kugulu, mwini wake kapena kholo lake atavomera, ndipo nkhope isaoneke ngati sipofunika. Chithunzi sichilowa m'malo mwa kupita kuchipatala.

Inunso makolo olandira, dzitetezeni. Mu WhatsApp pitani pa Settings, kenako Storage and data, ndipo pa When using mobile data chotsani chizindikiro pa Videos ndi Documents. Mukatero foni siitsitsa yokha makanema aukwati ndi anthabwala omwe amamaliza bandulo usiku. Kanema aliyense adzayamba wakuonetsani kulemera kwake, ndipo mukaona wa zaumoyo wa 40 MB, muuzeni wotumizayo kuti amudule kapena alembe mfundo zake ndi mawu.