Osangoti "ndakatuloyi ikunena za m'Baibulo" n'kuthera pompo

Ana athu a sekondale akapatsidwa ndakatulo yomwe ili ndi dzina ngati Yobu, Kaini kapena Yudasi, ambiri amalemba kuti mlakatuli watenga nkhani ya m'Baibulo, basi yankho latha. Kwa ine limenelo ndi theka chabe la ntchito, theka lake losavutalo. Mlakatuli akabwereka nkhani yakale sayibweza momwe anaitengera. Pamene waipotoza m'pamene pamakhala uthenga.

Titenge ndakatulo ya Wilfred Owen yotchedwa "The Parable of the Old Man and the Young", kutanthauza fanizo la nkhalamba ndi mnyamata. Owen anali msilikali wa ku Mangalande pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Anailemba mu 1918, ndipo anaphedwa pa 4 Novembala chaka chomwecho, kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo ithe. Ndi yaifupi, mizere 16 yokha.

Aliyense amene anakhalapo pa Sande sukulu aizindikira msanga. Muli bambo wowaza nkhuni, wonyamula moto ndi mpeni. Muli mwana wofunsa kuti nanga mwanawankhosa wa nsembe ali kuti. Mngelo akufuula kuchokera kumwamba, nkhosa yamphongo yakodwa nyanga m'ziyangoyango. Imeneyi ndi Genesis 22, Abrahamu ndi Isake, nkhani yomwenso abale athu Achisilamu amaikumbukira chaka ndi chaka pozinga mbuzi kapena nkhosa. Taonani kuti sitinadalire chizindikiro chimodzi. Mpeni wokha si umboni, mipeni ili m'khitchini iliyonse. Koma nkhuni, moto, mpeni ndi funso la mwana zikabwera mondondozana chonchi, palibenso chokayikitsa.

Tsopano tsegulani Baibulo pambali pa ndakatuloyo, muone pomwe zikusiyana. Mu Genesis bambo amamanga guwa. Mwa Owen amamanga mwanayo ndi malamba ngati a yunifolomu ya msilikali, n'kukumba ngalande zobisalamo pankhondo. Phiri la ku Moriya lasanduka bwalo la nkhondo la ku France tisanazindikire n'komwe. Nkhosa ija nayo yapatsidwa dzina: ndi nkhosa ya kunyada. Mngelo akuuza nkhalambayo kuti iphe kunyada kwake, imusiye mwana. Nkhalamba ikukana. Ikupha mwanayo, pamodzi ndi theka la anyamata a ku Ulaya.

Nanga nkhani ya Abrahamu yawonjezera chiyani? Owen akanatha kungolemba kuti akuluakulu a ndale akutha ana a eni. Zimenezo tikanawerenga n'kugwedeza mutu. Koma ife owerenga timabwera tikudziwa kale mathero, timadikira kuti mpeni uimitsidwa monga tinamvera kuyambira tili ana. Mpeniwo ukatsika, chimatipweteka ndi chiyembekezo chathu chomwe. Komanso mlandu wasintha. Abrahamu wa m'Malemba ankapereka mwana chifukwa chomvera Mulungu. Uyu akupha mwana chifukwa chosamvera. Atsogoleri amene ankati imfa za asilikali ndi nsembe yopatulika alandidwa chobisalira chawo, ndi buku lawo lomwe.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe ndimakakonda. Owen akumutchula bamboyo kuti Abramu, pomwe mu Genesis 22 dzina linali litasintha kale. Linasintha pa Genesis 17, pamene Mulungu anamulonjeza kuti adzakhala kholo la mitundu yambiri. Momwe ndikuonera ine, Owen wamuvula dala dzina la ulemulo. Ndipo anyamata ophedwawo akuwatchula ndi mawu oti mbewu, mawu omwewo amene pa Genesis 22:17 ali m'lonjezo loti idzachuluka ngati nyenyezi. Wosadziwa vesi limeneli angodutsa osamva kanthu.

Ena amati kufufuza kotere kumaumitsa ndakatulo, kuisandutsa masamu. Nkhawayo ndikuimvetsa, makamaka ndikaona anthu opeza Yesu pa mtengo uliwonse wotchulidwa m'ndakatulo. Muyeso wake ngwapafupi: chotsani nkhani yakaleyo, muone ngati tanthauzo likusintha. Likapanda kusintha, mwangoikakamiza. Mwa Owen, mukachotsa Genesis mutsala ndi mdala wamisala wopha mwana popanda chifukwa.

Nkhondo imeneyi sinali yachilendo kwa ife. Agogo athu anapita monga asilikali ndi a tengatenga, ndipo mu Novembala 1914 John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya anthu olemera. Mwana wa Fomu 4 amene angalembe kuti Owen watenga Genesis 22, wasintha mathero kuti nkhalamba ikane mngelo, ndipo potero akuimba mlandu atsogoleri osankha kunyada m'malo mwa ana awo, ameneyo wayankha funso lonse, m'ziganizo zosaposa zitatu.